Dai ya a Dontheza

Anthu ankati ndine wamwayi chifukwa ndinkagwira ntchito ndi apongozi anga. Mwayi wake uti? Munthu akutukwane sabata yonse kuntchito, Lamulungu ukamupezenso ali khale pampando wako, mkazi wako akumuthirira tiyi.

Pafakitale ya sopo ija mapulambala tinalipo awiri, iwo ndi ine. Mapaipi onse a madzi otentha ndi a mpweya anali achitsulo, ndipo tinkawadula pamanja, m'kashopu kathu ka kuseri kwa boyila. Munali benchi imodzi yaitali, mavaisi awiri opanira mapaipi, ndi mabokosi awiri a zida, aliyense lake. Apongoziwo fakitale yonse inkawatchula a Dontheza. Dzinalo linachokera pakamwa pawo pomwe. Ukangoyika dai pa paipi, chitsulo cha mano chija chodulira mazinga, umamva kumbuyo kwako, “Dontheza, iwe. Mafuta ndi a bambo ako kodi, kuti uziwaumira?”

Ntchito ankaidziwa, zimenezo sindingawalande. Koma kuphunzitsa kwawo kunali kwa nkhanza. Chodulira paipi cha kagudumu chimadula mowongoka bwino, komano chimakankhira chitsulo mkati n'kusiya kamlomo kakuthwa kuzungulira kukamwa kwa paipi. Kamlomo ako kamachepetsa njira ya madzi, kamakola zinyalala, ndipo kamayenera kupalidwa ndi rima usanayambe mazinga. Ukaiwala rima, a Dontheza sankakuuza kuti waiwala ayi. Ankati, “Pisa chala.” Ukapisa, amati, “Zunguliza.”

Ine anandipisitsa chala kutatsala masiku anayi kuti ndikwatire mwana wawo. Ndinali bambo wa zaka makumi atatu, ndevu zili gwa, owotcherera ndi amagetsi ataima pakhomo akuonerera. Chala chinang'ambika, chinatupa, ndipo pa tsiku la ukwati mphete inakana kulowa. Iwo ndi amene anayamba kuseka. Kuyambira pamenepo ankanditchula Manjalende, kuntchito ndi kunyumba komwe, ngakhale pamaso pa ana anga atabadwa. Zaka khumi ndi ziwiri ndinkangoti, “Inde bambo.”

Ndiye maso awo anayamba kutha. Anabisa ndithu, koma munthu amene mumagawana naye benchi simungamubisire. Ndinawaona tsiku lina atagwira tepi yoyezera, aisendeza pafupi, aitalikitsa, kenako n'kuyamba kuitukwana kuti manambala ake afufutika. Tepiyo inali yatsopano. Madzulo ake, ena atatuluka, anandipatsa kiyi wachiwiri wa bokosi lawo.

“Uzindikonzera zida m'mawa,” anatero osandiyang'ana. “Mano a dai uziwalowetsa motsatana, wani mpaka folo. Muyeso uzindiwerengera chapansipansi. Ukauza munthu, ngakhale mkazi wako, udzandidziwa.”

Chaka chathunthu ndinali maso awo. Mukuganiza kuti kutukwana kunachepa? Kunawonjezeka. Anthu akakhala pafupi m'pamene ankakweza mawu kwambiri, kuti wina asaganize kuti akudalira ine. Ndiwanong'oneze muyeso, adule bwinobwino, kenako atembenuke n'kunena, “Waona, Manjalende? Kudula ndi kumeneku.” Ndinkadana nawo. Ndikunena mosapita m'mbali, ndinkadana ngakhale ndi kutsokomola kwawo pageti.

Kenako kunabwera injiniya watsopano, wolankhula mofatsa, wosaseka ndi munthu. Anatiitana awirife n'kutiuza kuti mapaipi a madzi ozizira asinthidwa kukhala apulasitiki, ndipo pulambala wa zitsulo akufunika mmodzi yekha. Anati sakufuna kumva za zaka kapena za chibale. Lachisanu m'mawa aliyense adule paipi ya inchi imodzi, yotalika theka la mita, aidule mazinga mbali zonse ziwiri, aitseke, ndipo iyesedwe pa pampu. Aliyense agwiritse ntchito zida za m'bokosi lake. Wotsala adzatsala ndi ntchito komanso nyumba ya kampani.

Nyumbayo ndi imene inali nkhani. Munkakhala a Dontheza ndi akazi awo, amene miyendo inali itatupa, osatha kuyenda kupitirira pakhonde. Anakhalamo zaka makumi atatu ndipo kwina kopita analibe. Ife tinkapanikizana ndi ana atatu m'zipinda ziwiri za lendi. Mkazi wanga atamva, anangogwira kukamwa.

“Ndipempherere ndani, bambo a ana?” anandifunsa.

“Pempherera amene akuidziwa ntchito,” ndinayankha.

Ndipo ndinkadziwa kuti amene akuidziwa ntchito si ine. Maso kapena opanda maso, mazinga a mdala uja ankatuluka osalala ngati ogula m'sitolo. Za muyeso anathana nazo okha. Lachitatu anatenga tupa n'kudula timizere tiwiri m'mphepete mwa benchi, ine nditawagwirira tepi, kuti pa tsikulo adzangokhudza ndi chikhadabo. Ali mkati motupa anati, “Usade nkhawa, Manjalende. Ukachotsedwa ndidzakupezera ya ulonda. Kugona pantchito umakutha.”

Lachinayi masana, onse atapita kukadya, ndinatsekula bokosi lawo.

Ndinatenga dai yawo ya inchi imodzi, imene ankaipukuta kuposa nkhope yawo. Ndinamanga pa vaisi chidutswa cha paipi yakuda yokhuthala, ndinaika dai, n'kuyamba kupota popanda ngakhale dontho la mafuta. Amene sanagwirepo ntchitoyi sangadziwe kulira kwa dai youma. Imalira mokukuta mpaka mano ako kuyabwa. Mafuta aja amaziziritsa, amatereretsa, ndipo amatsuka tinyenyeswa ta chitsulo. Popanda iwo chitsulo chimatentha n'kumamatira pa mano, ndipo m'malo modulidwa chimang'ambidwa. Mmisiri amapota pang'ono n'kubwerera m'mbuyo pang'ono kuti nyenyeswa zithyoke zigwe. Ine sindinabwerere. Italimba, ndinalowetsa chipaipi pa chogwirira kuti chitalike, n'kudzikoloweka ndi thupi lonse. Ndinachita zimenezo pa zidutswa zinayi. Pa chachinayi, pobweza mokakamiza nyenyeswa zitadzaza, ndinamva kuti thee, kenako thee.

Nditaiyang'ana pa windo, mano awiri apakati anali atabenthuka, ena atavala chitsulo chomatirira. Ndinaipukuta ndi chisanza cha mafuta, ndinaibwezera pamalo pake, zidutswa ndinakazikwirira pansi pa mulu wa zitsulo zotaya. Chisoni ndinalibe. Ndinapita kukadya ndipo chakudya chinalowa bwinobwino.

Lachisanu m'shopu munadzaza. Owotcherera, amagetsi, a ku boyila, onse anapeza chifukwa chodutsira kwathu. Injiniya anaima pakati ndi kabuku kake, pampu yoyesera ili pansi pafupi ndi ndowa ya madzi.

“Zonse zili m'malo?” apongozi anandinong'oneza potsekula bokosi.

“Ndakonza, bambo. Ndatsuka ndi burashi yomwe.”

Masiku onse ankayendetsa chala pa mano a dai asanayambe. Tsiku limenelo sanatero. Ankaopa kuti injiniya akawaona akupapasa zida ngati wakhungu, azindikira. Ndinkadziwa kuti adzaopa.

Anayamba bwino moti zinandipweteka. Anamanga paipi pa vaisi, chikhadabo chinapeza kamzere, anaika kagudumu. Azungulize kamodzi, amange chogwirira pang'ono, azungulizenso, osathamanga, mpaka chidutswa chinagwera m'dzanja lawo. Anatenga rima, anailowetsa m'kamwa mwa paipi, anaipota katatu kanayi atatsamira, kamlomo konse n'kugwa ngati makoko. Anagogoda paipi kuti tizitsulo tituluke, anachita chimodzimodzi mbali inayo. Injiniya analemba kenakake m'kabuku. Ine apo n'kuti ndikulimbana ndi kudula koyamba, thukuta lili kamukamu.

Anatenga dai. Anaikankha ndi chikhatho cha kumanzere kuti mano agwire, dzanja lamanja likupota. Itagwira anathira mafuta, ambiri, mpaka kuyenderera m'chitini cha pansi. Mmodzi wa owotcherera anati chapansipansi, “Dontheza,” ena n'kuseka mwaulemu. Anapota kawiri, anabwerera pang'ono, anathiranso. Pa kupota kwachinayi anaima.

Ndinawaona msana ukuuma. Anapotanso theka, pang'onopang'ono, akumvetsera ndi manja. Kenako anabweza dai yonse n'kuichotsa. Anayendetsa chala chachikulu pa mazinga, kenako anachilowetsa m'kati mwa dai, osasamalanso kuti ndani akuona. Chinakhala m'menemo nthawi yaitali. Anatembenuzira nkhope kumene ndinali. Kundiona bwino sakanatha, koma anandiyang'ana.

“Bwana,” anatero kwa injiniya, “ndibwereke dai ya mnzangayu akamaliza.”

“Yanu yatani?”

“Yangotopa.”

“Tabweretsani.”

Injiniya anaipukuta ndi chisanza n'kupita nayo pakhomo pomwe panali kuwala. Anaitembenuza, anakanda dzino limodzi ndi chikhadabo.

“Iyi sikutopa,” anatero. “Mano awiri abenthuka, enawa chitsulo chawotcherera. Dai iyi yayendetsedwa youma, ndipo mokakamiza. Bokosi ili limakhala lokhoma?”

“Limakhala lokhoma.”

“Kiyi amasunga ndani?”

Ine ndinapitiriza kupota dai yanga, ndikuthira mafuta ngati munthu wosamva kanthu. Akananena kuti kiyi wina ali ndi ine, funso lotsatira likanakhala lakuti chifukwa chiyani, ndipo injiniya uja sanali wopusa. Akanawapatsa tepi kuti awerenge. Pulambala wosaona sangamusiyire mapaipi a madzi otentha, ndipo wowononga zida dala sangamusungenso. Tikanachoka tonse, nyumba n'kupita kwa mlendo, mwana wawo ndi adzukulu awo n'kutsala opanda chogwira. Ndinali nditaziwerengera zonsezi Lachitatu lomwe, ndipo ndinawaona nawonso akuziwerengera, milomo ikugwedera.

“Ndimasunga ndine,” anatero.

“Nokha?”

“Ndekha.”

“Ndiye anaiyendetsa youma ndani?”

Injiniya sanali munthu wosiya funso panjira. Anadikira, kabuku kali m'manja, ngati akudikira basi.

“Ndine,” a Dontheza anatero.

“Sindinamve bwino. Mwati munatani?”

“Ndinadula mazinga popanda mafuta.”

Wina wa ku boyila anaphulika kuseka n'kudzitseka kukamwa. Zinali ngati wapereka chilolezo. Anthu amene mdala uja anawatukwanapo, ndipo panalibe amene sanamutukwanepo, anayamba kugwirana mapewa. “A Dontheza osadontheza,” wina anatero. Wamagetsi anafunsa mokweza kuti, “Mafuta ndi a bambo anu kodi?” Injiniya sanawaletse.

“Ndinamva kuti ndinu okhwima pa zida,” anatero powabwezera dai ija. “Ndinati aliyense ndi bokosi lake. Malizani ndi yomweyi.”

Akanatha kutaya pansi n'kutuluka. Ine ndikanatero. Iwo anabwezera dai pa paipi n'kupitiriza, akuthira mafuta pa kupota kulikonse, akubwerera m'mbuyo mosamala, ngati kuti kusamala kungamere dzino. Anapota mpaka kumapeto kwa paipi kunafanana ndi nkhope ya dai, pamene mmisiri amayenera kulekera. Anatembenuza paipi, anachitanso mbali inayo. Mazinga anatuluka okumbikakumbika, nsonga zake zong'ambika, pena osaoneka n'komwe. Anawapukuta, anakulunga tepi yoyera yoletsa kudontha, anaika chotsekera. Pa mazinga abwino chotsekera chimalowa ndi dzanja katatu kapena kanayi chisanafune bobojani. Chawo chinakakamira pa kupota koyamba, kenako chinalowa mogwedera. Anamanga ndi bobojani mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka.

Yanga inayesedwa poyamba. Injiniya anadzaza madzi, anapopa, muvi wa geji yoyezera mphamvu ya madzi unakwera n'kuima. Tinadikira mphindi zisanu. Unatsika pang'ono kwambiri, mwina ndi maso anga, koma dontho silinaoneke. Anasuzumira m'kamwa mwa chidutswa chimene ndinadula n'kugwedeza mutu movomereza. Rima sindinaiwale tsiku limenelo.

Ya apongozi sinadikire n'komwe mphindi. Muvi usanafike pakati, kumbali ya chotsekera kunatuluka kamadzi kowonda ngati ulusi, kakuthamanga, n'kuwamenya pa ovolosi, pamwamba pa bondo. Sanakaone. Anaima chilili, manja kumbuyo, akudikira kumva zotsatira, banga la madzi likukula pa mwendo wawo, anthu akugwa ndi phwete. Mpaka anamva kuzizira ndi pamene anasuntha.

“Zikomo, bambo,” injiniya anatero. “Mupite ku ofesi ya antchito Lolemba. Nyumba mupereke pakutha pa mwezi.”

Anthu atabalalika tinatsala awiri. Anakhala pa bokosi lawo, dai ili pamiyendo, akuipukuta. Ndinkayembekezera kutukwanidwa, mwinanso ndinkakufuna.

“Unagwiritsa paipi yanji?” anafunsa.

“Yakuda ija, yokhuthala.”

“Zidutswa zingati?”

“Zinayi.”

Anagwedeza mutu. “Inali dai yabwino.” Kenako anati, “Amayi a mkazi wako aja sangakwere lole yosamukira. Ukudziwa.”

“Ndikudziwa.”

“Ndiye utani nafe?”

“Ndiona,” ndinatero. Ndinatambasula dzanja. “Kiyi wanu uyu. Mkazi wanga akamva chilichonse, mudzaona nokha kolowera.”

Kunyumba ndinapeza mkazi wanga atamva kale, maso ali psuu. Anandikonzera madzi osamba, anandiikira chakudya, ine n'kudya. Kenako anakhala pansi pafupi ndi mpando wanga n'kuyamba kundipempha. Anati akudziwa kuti bambo ake sanandisunge bwino, akudziwa za dzina lija, akudziwa zonse. Anati koma ndi okalamba, manja ayamba kuwanyenga, taonani mpaka kuiwala mafuta. Kuseri kwa nyumba ya kampani kuli kachipinda kosungiramo makasu ndi matayala akale. Kodi sindingalole kuti makolo ake akhale m'menemo?

Ndinamusiya apemphe masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinavomera.

Tinasamuka Loweruka lomaliza la mwezi, dzuwa lili pamutu. Katundu wathu ankalowa pakhomo la kutsogolo, wawo akutuluka la kuseri. Bedi lawo linakana kulowa m'kachipinda kaja, ndiye analimasula n'kuika matiresi pansi. Amayi a mkazi wanga anawanyamula pampando anthu awiri, akulira mwakachetechete, akufunsa ngati makatani awo atsale. Ana anga ankathamanga m'zipinda akukanganirana mawindo. A Dontheza anayenda okha, dzanja likukhudza khoma, ngati munthu amene akungotsanzikana ndi nyumba. Ndine ndekha amene ndinkadziwa kuti akufufuza njira.

Madzulo, zonse zitalowa, ndinakhala pabalaza nditatambasula miyendo. Mkazi wanga analowa atawagwira bambo ake pamkono. Nkhope yake inali yotopa koma yowala, ngati ya munthu amene wapulumutsa anthu ake pamoto.

“Bambo,” anatero, “ine ndathokoza kale. Koma inunso munenepo kanthu. Wina akanakhala iyeyu, ndi zonse munkamuchita zija, bwenzi lero muli pamsewu. Muthokozeni.”

Mdala uja anaima pakati pa chipinda chimene anakhalamo zaka makumi atatu. Ana anasiya phokoso n'kusuzumira pakhomo. Ndinaona kuti mawu ena afika pakamwa, okwanira kugwetsa denga. Anatembenukira kwa mwana wawo, kenako kuseri kumene akazi awo ankatsokomola.

“Zikomo,” anatero.

Zinandikoma. Ndikanakonda kunena kuti zinandiwawa, koma zinandikoma mpaka m'mafupa.

“Akuti chiyani?” ndinafunsa mkazi wanga. “Ana akusokosa, sindinamve.”

“Kwezani mawu, bambo,” iye anatero mokoma mtima, akuwasisita pamkono.

Anavula chipewa chawo n'kuchigwira ndi manja awiri.

“Zikomo kwambiri, bambo, potisunga.”

Mkazi wanga anapukuta misozi, anandimwetulira, n'kuwatsogolera kutulukira khomo la kuseri.